Stop Loss si mpanda: phunziro la pa 15 Januwale 2015

Achinyamata ambiri amene akuchita malonda a ndalama zakunja pa foni ali ndi chikhulupiriro chimodzi chimene ndikufuna tichiunike sabata ino. Amati munthu akangoika Stop Loss, ndiye kuti wadziikira malire a ndalama zimene angaluze, ndipo atha kukagona mtima uli m'malo. Masiku ambiri zimayendadi choncho. Koma pali masiku ena, ochepa pa chaka, pamene munthu amene anakonzeka kuluza madola 30 amadzuka ataluza 300, kapena akaunti yonse, mwinanso n'kutsala ndi ngongole. Ambiri zikawachitikira amathamangira kunena kuti buloka wawabera. Nthawi zina amakhala atawaberadi, koma kawirikawiri Stop Loss imakhala yagwira ntchito yake ndendende monga inapangidwira, ndipo vuto ndi loti mwini wake sanamvetse chimene analamula.

Mukagula ndalama, tinene yuro, n'kulemba nambala m'kabokosi ka Stop Loss pa MetaTrader, simunauze buloka kuti agulitse pa mtengo umenewo. Mwamuuza kuti mtengo ukafika pamenepo kapena kutsika kuposa pamenepo, agulitse nthawi yomweyo pa mtengo uliwonse umene ulipo. Nambala imene mwalemba ili ngati belu lodzutsa wogulitsa. Belu likalira, malonda anu amapita pamsika, ndipo amene amanena mtengo ndi wogula amene wapezeka pa mphindi imeneyo.

Taganizirani kuti mwasiya matumba 50 a chimanga kwa mphwanu ku msika, n'kumuuza kuti mtengo ukatsika kufika K40,000 pa thumba agulitse onse msanga. Ngati mtengo ukutsika pang'onopang'ono ndipo ogula ali mbwee, adzagulitsa pa K40,000 kapena pafupi pomwepo. Koma ngati kwacha m'mawa malole a chimanga chotchipa atafika usiku, ndipo wogula woyamba akunena K28,000, mphwanuyo agulitsa pa K28,000, chifukwa malire munamupatsa aja apyoledwa. Simungamudzudzule kuti bwanji sanagulitse pa K40,000. Panalibe munthu wogula pa mtengo umenewo.

Zinthu ziwiri zimachitika pamenepa ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Choyamba ndi kuterereka kwa mtengo, kumene m'mapepala a mgwirizano a mabuloka amakulemba kuti slippage. Pa mtengo uliwonse pamakhala ogula a ndalama zochepa chabe. Ogulitsa akachuluka nthawi imodzi, oyamba amatenga ogula a mtengo wabwino, otsatira amatsikira kwa ogula a mtengo wotsikirapo, ndipo inu mukafika mumapeza mtengo utasuntha. Chachiwiri ndi kudumpha kwa mtengo, pamene pakati pa mtengo wakale ndi watsopano palibe malonda alionse amene achitika. Izi ife a ku Malawi tikuzidziwa bwino. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino itagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700 usiku umodzi. Palibe amene anagula dola ku banki pa K1,300 kapena K1,500 pamene mtengo unali pa ulendo, chifukwa ulendowo kunalibe.

Chitsanzo chachikulu cha zonsezi chinachitika ku Switzerland, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa chikuonetsa mbali iliyonse ya nkhaniyi.

Pa 6 Sepitembala 2011 banki yaikulu ya dziko la Switzerland inalengeza kuti siidzalola yuro imodzi kugulitsidwa pa mtengo wochepera mafuranki 1.20. Furanki ndi ndalama ya dzikolo, ndipo pa nthawiyo inkakwera mphamvu kwambiri chifukwa anthu ankathawa mavuto a ngongole a maiko ogwiritsa ntchito yuro. Zimenezi zinkapweteka makampani ogulitsa katundu kunja, monga opanga mawotchi ndi makina, komanso mahotela. Bankiyo inalonjeza kuti idzagula mayuro ochuluka mulimonse pa 1.20, ndipo popeza mafuranki imapanga yokha, inali ndi mphamvu yochitadi zimenezo. Inasunga lonjezoli kwa zaka zitatu ndi miyezi inayi.

Kwa ochita malonda, izi zinkaoneka ngati ndalama yongotola. Kumayambiriro kwa 2015 mtengo wa EURCHF unali utakakamira pa 1.2010, pamwamba pang'ono pa malire aja. Anthu ankaganiza kuti kutsika sungatsike chifukwa pansi pali banki yaikulu, koma kukwera ungakwere. Choncho ankagula yuro, n'kuika Stop Loss pansi pang'ono pa 1.20 pongodziteteza. Mabuloka ambiri nawonso ankaona kuti mtengowu sugwedezeka, ndipo ankalola anthu kugula zambiri ndi chikole chochepa. Patatsala masiku atatu kuti zinthu zisinthe, wachiwiri kwa mkulu wa bankiyo, a Jean-Pierre Danthine, ananena poyera kuti malirewo akadali maziko a ndondomeko yawo.

Lachinayi pa 15 Januwale 2015, nthawi ili 10:30 m'mawa ku Switzerland, kuno kwathu ili 11:30, banki ija, motsogozedwa ndi a Thomas Jordan, inalengeza kuti malire a 1.20 yawachotsa. Panalibe chenjezo. M'mphindi zosakwana 30 mtengo unagwa kufika cha m'ma 0.85, kutsika pafupifupi 30 peresenti, usanabwererenso pamwamba pang'ono pa 1.00 tsiku lomwelo. Pa ndalama za maiko olemera, kusuntha kwa 1 peresenti pa tsiku kumatengedwa ngati kwakukulu.

Tsopano tiyeni titenge munthu wongoyerekeza, kuti tione masamu ake. Ali ndi mafuranki 3,000 mu akaunti. Wagula loti imodzi ya EURCHF, imene ndi mayuro 100,000, pa mtengo wa 1.2010. Buloka wake amalola levereji ya 100 pa 1, kutanthauza kuti chikole chimene chikufunika ndi mayuro 1,000 okha, pafupifupi mafuranki 1,200. Waika Stop Loss pa 1.1980. Kusiyana kwa 1.2010 ndi 1.1980 ndi 0.0030, ndipo tikachulukitsa ndi 100,000 tikupeza mafuranki 300. M'mutu mwake, zikavuta kwambiri aluza 300 pa 3,000. Aliyense womuona akanati ndi munthu wosamala.

Chilengezo chitatuluka, mtengo unapyola 1.1980 m'kanthawi kochepa, belu lake linalira, ndipo mayuro ake 100,000 anapita pamsika kukafuna wogula. Tiyerekeze kuti wogula woyamba amene buloka anamupeza anali pa 1.0500. Kusiyana kwa 1.2010 ndi 1.0500 ndi 0.1510, kuchulukitsa ndi 100,000 ndi mafuranki 15,100. Waluza kuwirikiza ka 50 zimene anakonzekera. Mafuranki ake 3,000 atha, ndipo akaunti ikuonetsa kuti ali ndi ngongole ya 12,100. Akanakhala kuti malonda ake atsekedwa pa 0.9500, akanaluza 25,100. Anthu amene anaika Stop Loss pa malo amodzimodzi anatsekeredwa pa mitengo yosiyana kwambiri tsiku limenelo, malinga ndi buloka wawo komanso malo awo pa mzere.

Wina afunsa kuti, nanga si buloka amatseka yekha malonda ndalama zikatsala pang'ono kutha? Amatsekadi, ndipo munthu wathuyu ndalama zake zikanathera pa 1.1710. Koma kutseka kwa buloka nakonso ndi kugulitsa pa mtengo umene ulipo. Makina ake amalira belu lomwelo ndipo amakapeza msika womwewo wopanda ogula. Chitetezo chachiwirichi chimagwera m'dzenje limodzi ndi choyamba.

N'chifukwa chiyani ogula anasowa chonchi? Wogula wamkulu kuposa onse, amene anaima pa 1.20 kwa zaka zitatu, anachoka m'sekondi imodzi, ndipo kumbuyo kwake kunalibe mzere wa ogula ena. Palibe amene ankataya nthawi kuika oda yogula pa 1.18 kapena 1.15, popeza aliyense ankadziwa kuti mtengo sufika kumeneko. Kuonjezera apo, mabanki akuluakulu amene amapereka mitengo kwa mabuloka alibe lamulo lowakakamiza kugula nthawi zonse. Makina awo ataona kuti zinthu zasokonekera, ambiri anasiya kaye kupereka mitengo, ndipo ena anapereka mitengo yotsikitsitsa yongodzitetezera. Pamwamba pa zonsezi panali ma Stop Loss enieniwo. Anthu masauzande anawaika pamalo amodzi, pansi pa 1.20, ndipo onse anasanduka maoda ogulitsa nthawi imodzi. Oyamba anagwetsa mtengo, kugwako kunadzutsa ena amene anali pansipo, nawonso n'kugwetsanso. Chida chimene aliyense anachiika kuti chimuteteze payekha ndi chimene chinakulitsa ngozi ya onse.

Mabuloka nawo sanapulumuke. Buloka amatseka malonda a kasitomala kwa banki pa mtengo woipa uja ndipo amalipira banki nthawi yomweyo, kenako n'kumayembekeza kuti kasitomala abweza ngongole. Kampani ya FXCM ya ku America inalengeza kuti makasitomala ake atsala ndi ngongole za madola pafupifupi 225 miliyoni, ndipo inapulumuka itabwereka madola 300 miliyoni ku kampani ya Leucadia. Alpari ya ku Britain, imene dzina lake linali pa malaya a timu ya mpira ya West Ham, inagwa tsiku lotsatira. Ndimakonda kukumbutsa zimenezi anthu amene amati kuterereka konse ndi chinyengo cha buloka. Wakuba sagwetsa nyumba yake kuti abe mbale ya mlendo.

Komabe sindikunena kuti mabuloka ndi angelo. Kuterereka koona kumapita mbali zonse ziwiri: nthawi zina mtengo umasuntha mokupwetekani, nthawi zina mokukomerani. Mu 2014 bungwe loyang'anira zachuma ku Britain, la FCA, linalipiritsa nthambi ya FXCM ya m'dzikolo mapaundi 4 miliyoni chifukwa mtengo ukaterereka moipa unkapita kwa kasitomala, koma ukaterereka mokoma phindu linkatsala ku kampani. Ndiye munthu ali ndi ufulu wofufuza, ndipo kufufuzako si kovuta. Tsegulani History pa pulogalamu yanu, muyerekeze nambala ya S/L ndi mtengo umene malonda anatsekedwera, ndipo mulembe nthawi yake. Kenako tsegulani tchati cha mphindi imodzi, cha M1, pa nthawi yomweyo. Mukaona kandulo lalitali kwambiri, kapena mpata pakati pa makandulo awiri, ndipo pa ola limenelo panali chilengezo chachikulu, ndiye kuti ndi msika. Koma ngati msika unali phee, ndipo pa malonda 30 kapena 40 kuterereka konse kukugwera mbali yokupwetekani osakukomerani ngakhale kamodzi, pamenepo funsani mafunso.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza ongoyamba kumene. Tchati cha MetaTrader kawirikawiri chimajambula mtengo wa Bid, umene inu mumagulitsira. Ngati munayamba ndi kugulitsa, potseka mumagula, ndipo Stop Loss yanu imadzutsidwa ndi mtengo wa Ask, umene uli pamwamba. Msika ukachita phokoso, kapena pakati pa usiku pamene mabanki a ku New York atseka ndipo a ku Asia sanatsegule bwino, mpata wa pakati pa mitengo iwiriyi umakula kwambiri. Munthu amaona malonda ake atatsekedwa pamene kandulo la pa tchati silinafike n'komwe pa mzere wake, n'kuyamba kutukwana pa gulu la WhatsApp. Mzere wa Ask mutha kuuyatsa pa tchati kuti muziuona.

Nanga pali njira yotsekera dzenjeli? Pa MetaTrader 5 pali oda yotchedwa Sell Stop Limit, imene imati belu likalira, ika oda yogulitsa pa mtengo wakuti ndipo usalandire wochepera pamenepo. Imakutetezani ku mtengo woipa, koma siikulonjeza kuti mutuluka. Munthu wathu uja akanakana kugulitsa pa mtengo wochepera 1.1950, wogula sakanapezeka, ndipo iye akanatsala m'malonda akugwa mpaka buloka atamutseka mokakamiza. EURCHF inadzafikanso pa 1.20 mu Epulo 2018, patapita zaka zitatu. Muyenera kusankha chimodzi: kutsimikiza kuti mutuluka, kapena kutsimikiza mtengo. Msika wamba sumapereka zonse ziwiri.

Mabuloka ena amagulitsa Stop Loss yotsimikizika, imene amalonjeza kukutsekerani pa nambala yanu ngakhale mtengo utadumpha. Imeneyi ndi inshulansi, ndipo imalipiridwa. Amafunanso kuti muiike patali ndi mtengo wa pa nthawiyo, ndipo sapereka pa ndalama zonse. Ndi yabwino ngati ilipo, bola mukumbukire kuti lonjezolo ndi lolimba monga mmene kampani yolonjezayo ilili yolimba.

Maiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo pambuyo pake. Kuyambira mu Ogasiti 2018, bungwe lawo la ESMA linalamula kuti munthu wamba asapatsidwe levereji yoposa 30 pa 1 pa ndalama zikuluzikulu, komanso kuti asaluze zoposa zimene zili mu akaunti yake. Pa lamulo limeneli loti imodzi ija ikanafuna chikole cha mafuranki pafupifupi 4,000, ndipo munthu wathu wa 3,000 sakanaloledwa n'komwe kuitsegula. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Mabuloka ambiri amene amalandira makasitomala a kuno amawalembetsa kudzera ku nthambi zawo za ku zilumba ngati Seychelles, kumene malamulo a ku Ulaya sagwira ntchito ndipo levereji ya 500 pa 1 kapena kuposa imatsatsidwa ngati mphatso. Dzina la kampani likhoza kukhala lomwelo la ku London, koma mgwirizano umene munadina kuti mwavomereza ndi wina. Ufufuzeni muone ngati muli mawu oti negative balance protection, ndipo muwerenge ngati ndi lonjezo lenileni kapena kampani yangoti idzaona mmene zinthu zilili.

Ine ndimaona kuti funso limene munthu ayenera kudzifunsa asanadine Buy si loti Stop Loss ndiike pati lokha. Ayeneranso kufunsa kuti mtengo utadumpha ndi 10 kapena 15 peresenti, mu akaunti mutsala zingati. Yankho lake lili pa kukula kwa malonda. Munthu wathu akanagula 0.10 ya loti, mayuro 10,000, kudumpha komwe kuja kukanamudyera mafuranki 1,510, theka la akaunti, zowawa koma wopanda ngongole. Akanagula 0.02, akanaluza 302, ndalama yomwe ija ankaganiza kuti ndiye malire ake. Ndikudziwa kuti pa 0.02 phindu lake ndi laling'ono moti anyamata a pa intaneti ojambulitsa ndi magalimoto obwereka sangalitchule. Koma phindu lalikulu la loti yathunthu linkachokera ku ngozi imene mwini wake sankaiona.

Tsiku ngati la ku Switzerland silibwera kawirikawiri ndipo palibe angalilosere. Kudumpha kwina kuli ndi nthawi yake yodziwika. Msika wa ndalama umatseka Lachisanu cha m'ma 11 koloko usiku kapena 12 koloko nthawi ya kuno, malinga ndi nyengo ya ku America, n'kutsegulanso Lamulungu nthawi yomweyo. Nkhondo, chisankho kapena kugwa kwa banki zikachitika Loweruka, mtengo woyamba wa Lamulungu usiku umangoyambira pamalo atsopano, ndipo Stop Loss imene inatsala pakati imatsekedwa pa mtengo watsopanowo. Chimodzimodzi lipoti la ntchito la dziko la America, limene kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, 2:30 masana nthawi ya kuno kapena 3:30 m'miyezi yozizira ya kumeneko, komanso masiku amene mabanki aakulu amalengeza chiwongoladzanja. Masiku amenewa amalembedwa pa makalendala a zachuma miyezi isanafike. Munthu atha kutseka malonda Lachisanu madzulo, kapena kuwachepetsa mphindi zingapo chilengezo chisanatuluke.

Chenjezo lina limene nkhani ya furanki ikutipatsa ndi la mtengo umene wangoti zii kwa miyezi chifukwa boma kapena banki yaikulu yaugwira. Tchati chake chimaoneka chodekha kuposa china chilichonse, ndipo masamu onse oyeza ngozi potengera mmene mtengo wakhala ukusunthira amanena kuti palibe choopsa. Pa 14 Januwale 2015, EURCHF inali m'gulu la mitengo yosagwedezeka kwambiri pa msika wonse, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri anaitenga ndi maloti akuluakulu.